Kuunika chidule cha bizinesi pa pempho la ngongole: ndalama zobwezera zidzachokera kuti?

Chidule cha bizinesi ndi tsamba limodzi kapena awiri pomwe wopempha ngongole amafotokoza malonda amene amachita, ndalama zimene zimalowa ndi kutuluka, kuchuluka kwa ngongole imene akufuna ndiponso chimene akufuna kuchita nayo. Tsambali limatsagana ndi fomu yopempha ngongole ku banki, ku SACCO kapena ku mabungwe obwereketsa ndalama monga FINCA, ndipo nthawi zambiri ndilo limayamba kuwerengedwa. Woona za ngongole akamaliwerenga amafuna kudziwa ngati tsiku lobweza likakwana mwezi uliwonse ndalama zidzakhalapo m'manja mwa wobwerekayo, zochokera mu bizinesi yomweyo, atalipira kale zofunika pa bizinesi ndi za pakhomo. China chilichonse cholembedwa pa tsambalo chimayesedwa ngati chikuthandiza kuyankha funsoli.

Zidule zambiri sizifika pa yankho. Zimafotokoza khama la mwini, zaka zimene wakhala akuchita malondawo, ndiponso kuti makasitomala ndi ambiri moti sakukwanitsa kuwathandiza onse. Zonsezi zikhoza kukhala zoona, koma palibe nambala imene munthu angaiyerekeze ndi ndalama zobweza pamwezi. Zidule zina zimadzaza manambala okongola a mtsogolo, osanena chilichonse cha miyezi 12 yapitayo. Wounika wodziwa ntchito amasiyanitsa zimene zachitika kale, zomwe zingatsimikizidwe ndi mapepala, ndi zimene mwini akuyembekezera. Kuunika kumayambira pa zochitika kale.

Njirayi imaoneka bwino pa chitsanzo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, chifukwa mitengo imasintha kawirikawiri, koma kawerengedwe kake nkomwe kamachitika. Mwini chigayo cha magetsi pa malo ena ochitira malonda akupempha K6,000,000, yobweza m'miyezi 24, kuti agule makina okonolera chimanga. M'chidule chake walemba kuti amagaya ndowa 60 pa tsiku pa mtengo wa K1,000 pa ndowa, kotero pamwezi zimalowa K1,800,000. Magetsi, malipiro a anyamata awiri ndi lendi zimatenga K520,000, ndipo phindu ndi K1,280,000. Wawonjezera kuti makina atsopano akabwera ndalama zolowa zidzawirikiza kawiri, komanso kuti ali ndi nyumba imene angapereke ngati chikole.

Wounika asanakhudze manambala a chigayocho amayamba wawerengera ndalama zobweza pamwezi, chifukwa ndiwo muyeso wa zonse. Apa kawerengedwe ka chiwongoladzanja kali ndi kanthu. Ngati chiwongoladzanja ndi 3 peresenti pamwezi, chowerengedwa pa ngongole yotsala, imene imachepa mwezi ndi mwezi, wobwereka amalipira pafupifupi K354,000 pamwezi, ndipo pomaliza amakhala atabweza pafupifupi K8,500,000. Koma ngati 3 peresenti yomweyo ikuwerengedwa pa K6,000,000 yonse kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, monga amachitira obwereketsa ena, ndalama ya pamwezi imakwera kufika K430,000. Chidule chimene mwini wake sanawerengere nkomwe ndalama imeneyi, kapena wangogawa K6,000,000 ndi miyezi 24 nkupeza K250,000, chimaonetsa kuti sakudziwa kukula kwa katundu amene akufuna kusenza. M'chitsanzochi ndalama ya pamwezi ikhale K354,000. Poyerekeza ndi phindu la K1,280,000, zikuoneka ngati chigayocho chingabweze ngongole zitatu zotere nthawi imodzi.

Nambala yoyamba kuikayikira ndi ya ndalama zolowa, popeza manambala ena onse atsamira pa iyo. Ndowa 60 pa K1,000 zimafika K1,800,000 pokhapokha chigayo chikamagwira ntchito masiku 30 pamwezi. Ngati Lamulungu chimatsekedwa, masiku ndi 26, ndipo K240,000 yachoka kale. Chachiwiri, 60 ndi nambala ya tsiku liti? Mwini bizinesi akafunsidwa za malonda ake, kawirikawiri amakumbukira tsiku la msika, pamene amayi amakhala pamzere ndi mabeseni mpaka kunja kwa mpanda, nkulitenga ngati tsiku wamba. Nthawi zambiri si bodza lamkunkhuniza. Munthu amene salemba m'kope tsiku ndi tsiku amakumbukira masiku abwino kuposa masiku amene mnyamata wapachigayo anangokhala pakhomo nkumaothera dzuwa.

Nchifukwa chake wounika amafunafuna umboni umene sunalembedwe ndi wopemphayo. Bizinesi iliyonse ili ndi chinthu chimene chimayenda limodzi ndi malonda ake, ndipo nchovuta kuchikometsera. Pa golosale ndi malisiti a kumene amapikula katundu, pa minibasi ndi mafuta, pa malo ophikira buledi ndi matumba a ufa wa tirigu. Pa chigayo ndi magetsi. Woona za ngongole akapita kukayendera malowo amawerenga mita, nkudikira kuti ndowa khumi zigayidwe, kenako nkuwerenganso. Tinene kuti ndowa khumizo zadya mayunitsi 8. Ndiye kuti kugaya ndowa 1,800 pamwezi kukanafuna mayunitsi 1,440. Koma malisiti a ESCOM ndi mauthenga a pafoni ogulira mayunitsi a chaka chonse akuonetsa kuti chigayocho chimagula pafupifupi mayunitsi 800 pamwezi. Mayunitsi amenewa ndi okwana ndowa 1,000, kutanthauza K1,000,000 pamwezi, osati K1,800,000.

Sitetimenti ya ku banki ndi mbiri ya Airtel Money kapena Mpamba nazonso zimathandiza, koma zimafuna kuwerengedwa mosamala. Chigayo ndi bizinesi ya ndalama zapamanja, ndipo zambiri zimathera pomwepo zisanafike ku banki, kotero sitetimenti yopanda zambiri sikutanthauza kuti malonda palibe. Komanso sitetimenti yodzaza si umboni wokwanira. Akaunti imene inakhala miyezi isanu ndi itatu osayenda, kenako miyezi itatu pempho lisanaperekedwe nkuyamba kulowamo ndalama zikuluzikulu zotuluka tsiku lotsatira, imaonetsa ndalama zobwereka kwa mnzake zimene zikungozunguliridwa kuti akauntiyo ioneke yamoyo. Malonda enieni amasiya ndalama zosiyanasiyana kukula, zolowa kawirikawiri, zokwera ndi kutsika ndi nyengo.

Zikatero wounika amatembenukira ku ndalama zotuluka. Apa vuto lalikulu si manambala olakwika koma zinthu zosalembedwa. Mwini chigayo walemba magetsi, malipiro ndi lendi chifukwa zimenezi zimalipidwa mwezi uliwonse. Sanalembe masefa amene amabooka mwala ukalowa ndi chimanga, nyundo zimene zimatha ndi kugaya, malamba, mabeyaring'i, girizi, chiphaso cha ku khonsolo, ngakhalenso mota imene ikapsa imafuna kukulungidwanso mawaya. Izi sizibwera mwezi uliwonse, koma pachaka sizilephera kubwera. Zikagawidwa ndi miyezi 12 zikhoza kukwana K80,000 pamwezi. Zotuluka zafika K600,000, ndipo pa K1,000,000 yolowa patsala K400,000.

Ndalama yotsalayi si yonse imene ingapite ku ngongole. M'mabizinesi ang'onoang'ono thumba la bizinesi ndi thumba la pakhomo ndi limodzi. Ndiwo, sopo, fizi ya ana, feteleza wa m'munda ndi chipepeso cha pamaliro zimachokera m'kabati yomweyo ya pachigayo. Chidule chosatchula ndalama zimene mwini amatenga chimakhala ngati chikunena kuti banjalo silidya. Wounika amafunsa za anthu amene ali pakhomopo, ana amene ali pasukulu, ndiponso ngati pali wina wolandira malipiro kwina. Tinene kuti banjali limatenga K200,000 pamwezi. Pa nthawi yoyendera malowo zadziwikanso kuti mayi wa pakhomopo ali ndi ngongole ya ku banki mkhonde ya K50,000 pamwezi, imene imabwezedwa ndi ndalama za pachigayo.

Ngongole zina zimadziwika pofufuza. Kuchokera pamene lamulo la 2010 linalola kukhazikitsa mabungwe osunga mbiri ya ngongole m'Malawi, mabanki amatha kuona ngati wopempha ali ndi ngongole ku banki ina ndiponso mmene anabwezera zakale. Koma ngongole za banki mkhonde, za katapila ndi za kwa achibale sizipezeka m'kaundula ameneyu, chonsecho ndizo zimayamba kubwezedwa ndalama zikachepa, popeza eni ake ali pafupi ndipo amafika pakhomo. Wopempha amene wazitchula yekha m'chidule amakhulupirika kuposa amene zatulukira atafunsidwa kachitatu.

Pochotsa K250,000 ya pakhomo ndi ya banki mkhonde, pa K400,000 paja patsala K150,000. Iyi ndiyo ndalama imene chigayocho, monga chilili lero, chingapereke pa ngongole yatsopano. Obwereketsa amagawa ndalama yotereyi ndi ndalama yobweza pamwezi. Yankho likakhala 1, ndiye kuti zangokwanirana popanda chotsala. Ambiri amafuna 1.25 kapena kuposerapo, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse yobweza pakhale K125 yopezeka, kuti malonda akatsika pang'ono ngongole isaime. M'chitsanzochi K150,000 sikufika ngakhale theka la K354,000. Ngongoleyi idzabwezedwa pokhapokha makina atsopano akabweretsa ndalama zatsopano, ndipo pempho lonse latsamira pa lonjezo lakuti ndalama zidzawirikiza kawiri.

Lonjezo lotere silikanidwa chifukwa chongoti ndi la mtsogolo, popeza ngongole yogulira makina imaperekedwa kuti ibale ndalama zimene kulibe lero. Chofunika nchakuti liphwanyidwe m'zigawo zimene munthu angazione. Si aliyense wobwera kuchigayo amene amakonoletsa. Ena amagayitsa mgaiwa, ena amabwera ndi mphale yosinja kale pamtondo kapena yokonoletsa kwina. Kuti ndalama ziwirikize, ndowa iliyonse yogayidwa iyenera kukonoledwanso pomwepo, ndipo zimenezo sizingachitike. Wounika amafunsa kuti pa makasitomala khumi, ndi angati amene amabwera ndi mphale, amakonoletsa kuti, mtunda wake ndi wotani, ndipo amalipira zingati. Ngati anayi mwa khumi amapita kukakonoletsa ku chigayo cha makilomita asanu, pali maziko oyembekezera ndowa 400 pamwezi, kapena K400,000. Pochotsa magetsi owonjezera, mnyamata wachitatu ndi zokonzetsa, zimene zingakwane K150,000, patsala K250,000. Akamagulitsa madeya osiyidwa ndi makasitomala kwa oweta nkhuku ndi nkhumba pangabwere kena, koma kokha ngati pamalopo anthu amasiyadi madeya awo.

Tsopano ndalama yopezeka ndi K400,000 pa K354,000 yobweza, ndipo yankho ndi 1.13. Zakwana, koma mwa mwayi. Malonda akangotsika ndi K50,000 ngongole yaima. Palinso funso limene chidulecho sichinaliganizire: kodi thiransifoma ya pamalopo ndi mawaya a m'chigayo zingayendetse mota ziwiri nthawi imodzi? Ngati pakufunika kuwonjezera mphamvu ya magetsi, makinawo akhoza kukhala m'bokosi miyezi ingapo pamene ngongole yayamba kale kuwerenga.

Chimene chimagwetsa mapempho ambiri ooneka abwino ndi nyengo. Nambala ya ndowa 1,000 ndi ya pakatikati pa chaka chonse, koma ngongole sibwezedwa pakatikati, imabwezedwa mwezi ndi mwezi. Malisiti a magetsi omwe aja akaikidwa mu ndondomeko ya miyezi amaonetsa kuti kuyambira Meyi mpaka Seputembala, anthu atakolola, chigayo chimagaya pafupifupi ndowa 1,300. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, nkhokwe zitatha, chimagaya 600 zokha. M'miyezi imeneyi zimalowa K600,000, koma zotuluka sizitsika mofanana, chifukwa lendi ndi malipiro sizisintha, ndiye zimangofika pa K500,000. Patsala K100,000. Kukonola nako kumachepa kwambiri, popeza chimanga chikasowa mabanja ambiri amasankha mgaiwa kuti asataye madeya, ndipo phindu lake lingakhale K100,000. Zonse pamodzi ndi K200,000, yosakwana ngakhale K250,000 ya pakhomo ndi ya banki mkhonde. Ndi nthawi yomweyonso pamene pakhomo pamafunika feteleza ndi fizi ya mu Januwale. Kwa miyezi itatu yotsatizana, ndalama yobweza K354,000 kulibe kumene ingachokere, pokhapokha mwini atasunga za miyezi yokolola. Ngati sitetimenti yake ya chaka chatha sikuonetsa kuti anasungapo chilichonse mu Ogasiti, palibe chifukwa chokhulupirira kuti chaka chino adzasunga.

Wounika wosamala amayesanso pempholo ndi mavuto amene anachitikapo kale m'dziko muno. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunapitirira kwa nthawi yoposa chaka. Chigayo cha magetsi chopanda injini ya dizilo chimaima magetsi akazima, pamene lendi ndi ngongole zikuyendabe. Chiwongoladzanja nachonso chimasintha. Mlingo umene Banki Yaikulu ya Malawi imaika unali 12 peresenti mu 2021, koma pofika 2024 unali 26 peresenti, ndipo ngongole zambiri za m'mabanki zimakwera mlingowu ukakwera. Chidule sichingaletse zinthu zoterezi, koma chabwino chimaonetsa kuti mwini akudziwa vuto limene lingamugwetse ndipo ali ndi chochita, mwachitsanzo kugaya usiku magetsi akabwera.

Mabizinesi ena amapanga phindu la papepala ndalama zili m'manja mwa anthu ena. Ngati chigayo chimagayira sukulu yogonera pompo imene imalipira kumapeto kwa teremu, malondawo ndi enieni, koma magetsi ogayira chimanga chimenecho amagulidwa lero. Chidule chikatchula kasitomala wamkulu wotere, wounika amafuna kuona kalata ya mgwirizano ndi masiku amene malipiro akale anafikira, osati masiku amene analonjezedwa. Kudalira kasitomala mmodzi pa gawo lalikulu la malonda nakonso nkufooka, chifukwa akachedwa kapena akasamukira kwina, bizinesi yonse imagwedezeka.

Kenako pamabwera funso la ntchito ya ngongoleyo. Kotesheni imene wopemphayo wabweretsa ikuonetsa kuti makina okonolera, mota yake ndi kuwaika zikukwana K3,500,000. Za K2,500,000 yotsalayo, chidule changoti ndi yokonzera malo ndi zina ndi zina. Mawu akuti "zina ndi zina" ndi amene wounika amaimapo nthawi yaitali, chifukwa ndalama yosatchulidwa ntchito yake imatha kupita ku ngongole zakale, ku malata a nyumba kapena ku malonda ena amene mwini sanawachitepo, pamene chiwongoladzanja chake chikulipidwa ndi chigayo. Tsiku la kotesheni nalonso limaonedwa. Makina ambiri oterewa kapena zipangizo zake zimachokera kunja, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kotesheni ya miyezi inayi yapitayo ikhoza kukhala yosagwiranso ntchito, ndipo ngongole yogula theka la makina imasiya munthu ndi chobweza popanda chobwezera. Pa chifukwa chomwechi obwereketsa ambiri amalipira ndalamazo kwa wogulitsa makina, osadzera m'manja mwa wobwereka.

Chikole chimaonedwa pomalizira, ngakhale opempha ambiri amachiika patsogolo. Nyumba sibweza ngongole mwezi ndi mwezi. Imangochepetsa zimene wobwereketsa angataye zinthu zikalephereka, ndipo kuigulitsa kumatenga nthawi, kumadutsa m'njira za malamulo, makamaka ngati mapepala a malo sali m'dzina la wobwereka. Kuyambira pa lamulo la 2013 lokhudza chikole cha katundu wosunthika, makina ngati amenewa akhoza kulembetsedwa m'kaundula ngati chikole, koma makina ogwiritsidwa kale ntchito sagulidwa pa mtengo wa atsopano. Kuvomereza ngongole chifukwa cha nyumba yokha, manambala a bizinesi akukana, ndiko kukonzekera kulanda nyumba ya banja, ndipo wobwereketsa wabwino sachita zimenezo.

Pa pempho la mwini chigayoyu, chidule monga chinalembedwera sichikutsimikizira kuti angabweze K6,000,000. Komabe kuunikako kwaonetsa bizinesi yeniyeni, ya makasitomala enieni, imene ingasenze ngongole yocheperapo. Ngongole ya K3,500,000 yogulira makina okha, pa chiwongoladzanja ndi miyezi yomweyo, imabwezedwa pafupifupi K207,000 pamwezi. Pa K400,000 yopezeka, yankho ndi 1.9, ndipo ngakhale okonoletsa atakhala theka la amene akuyembekezeka, ndalamayo ikwanabe. Vuto la Disembala mpaka Febuluwale likadalipo, ndipo limathetsedwa ndi ndondomeko yobwezera yotsata nyengo: zambiri m'miyezi yokolola, zochepa m'miyezi ya njala, ndiponso mwezi umodzi kapena iwiri yopuma poyamba, podikira kuti makina aikidwe. Kukonza malo oikapo makinawo mwini akhoza kulipira yekha, ndipo ndalama yakeyo imaonetsa kuti nayenso ali ndi chotaya bizinesi ikalephera.

Chidule cholembedwanso motsatira zimenezi chimakwanabe pa tsamba limodzi. Chimanena kuti m'miyezi 12 yapitayo chigayo chinagaya pafupifupi ndowa 12,000, nkuonetsa mwezi wokwera ndi mwezi wotsika, malisiti a magetsi ali kumbuyo kwake. Chimatchula zotuluka K600,000 kuphatikizapo zokonzetsa, K200,000 ya pakhomo ndi K50,000 ya banki mkhonde pamodzi ndi mwezi umene ngongoleyo idzathe. Chimapempha K3,500,000 ndi kotesheni ya mwezi womwewo, chimafotokoza kumene ndowa 400 zokonola zidzachokere, ndipo chimaonetsa mwezi ndi mwezi ndalama yotsala poyerekeza ndi ndalama yobweza, kuphatikizapo Januwale.